Ukachenjera Manja Udya Naye

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Iwo ankatanthauza kuti ukalera bwino mwana amene sudabale, tsiku lina adzakula, adzapeza zake, ndipo adzakuitana kuti usambe m'manja. Kudyako kunali kwa mtsogolo, ndipo wogawa ndiwo anali mwanayo. Koma masiku ano anthu alibe nthawi yodikira. Pa maliro a munthu amene wasiya nyumba ya lendi, mbali yoyamba ya mwambiwu imanenedwa mokweza, misozi ili chuchuchu, ndipo mbali yachiwiri imayamba kugwira ntchito anthu asanamete n'komwe.

Tiyerekeze kuti bambo wina wamwalira ku Lilongwe, akazi ake adatsogola kale. Wasiya ana awiri, wamkulu wa zaka 14, wamng'ono wa zaka 8. Wasiyanso nyumba ku Area 25 imene alendi amalipira K200,000 pamwezi, minibasi imodzi, ndi K3,000,000 kubanki. Wilu sadalembe, poopa kuti kulemba wilu n'kuitana imfa, ngakhale imfayo idabwerabe popanda kalata. Pa msonkhano wa banja akuimirira atsibweni a anawo, munthu amene malemu ali moyo sankadziwa ngakhale kalasi imene adzukulu ake ali. “Ana awa ndi anga,” akutero. “Sindingalole magazi a mlongo wanga avutike ine ndili moyo. Makiyi a minibasi ali kwa ndani?”

Funso lomalizalo ndilo limaulula chikondi. Mwana wamasiye amene bambo ake adasiya ngongole yokha sapeza achibale otere. Iye amapita kwa agogo kumudzi popanda mkangano.

Tisawanamizire atsibweni: mwina adzaleradi anawo, ndipo kulera si masewera. Chimene sakudziwa, kapena akuchita ngati sakudziwa, n'chakuti pano pali ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi yolera. Wolera amasankha kumene mwana agone, sukulu imene apite, chipatala chimene akalandire mankhwala, ndipo ndiye amaitanidwa mwana akaswa zenera la kalasi. Yachiwiri ndi yosunga chuma, ya munthu amene maloya amamutcha thirasitii. Ameneyu amagwira chuma m'dzina la ana mpaka atakwana zaka 18, msinkhu umene malamulo a dziko lino amati munthu wasiya kukhala mwana. Munthu mmodzi angathe kugwira ntchito zonse ziwiri, koma kukhala ndi ana m'nyumba mwako sikukusandutsa mwini wa nyumba ya bambo awo.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidanena mosabisa za amene ayenera kulandira ngati palibe wilu: mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi anthu amene ankadalira malemu pa moyo wawo. Atsibweni a thanzi lawo, okhala ndi okala yawo, mulibe m'gululi. Lamulolo limatinso pogawa pakati pa ana, wamng'ono apatsidwe gawo lokulirapo, popeza ulendo wake ukadali wautali. Ndipo wolanda chuma cha masiye angathe kukagwira ukaidi mpaka zaka 10. Choncho kusonkhanitsa lendi chifukwa choti banja lidakuwombera m'manja pansi pa mtengo wa mango sikokwanira. Mphamvu yokhudza chumacho imachokera ku khoti, limene limapereka chikalata choyendetsera chuma cha malemu, ndipo nthawi zambiri anthu amadzera ku ofesi ya Administrator General kapena kwa bwanamkubwa wa boma lawo. Banki yodziwa ntchito yake siingapereke K3,000,000 ija kwa munthu amene wangobwera ndi nsalu yakuda pamkono.

Tsono tinene kuti atsibweni atsata njira, khoti lawapatsa chikalata. Apa ndi pamene ambiri amaganiza kuti afika, chonsecho ndi pamene manja awo amangidwa. Wosunga chuma saloledwa kusakaniza ndalama za ana ndi zake. Saloledwa kudzigulitsa katundu wa ana, ngakhale pa mtengo umene iye akuti ndi wabwino. Saloledwa kupindula ndi udindowo. Angabwezeredwe zimene wawonongadi, monga thiransipoti yopita kukaona denga lodontha, koma malipiro salandira pokhapokha wilu kapena khoti litalola. Ndipo ayenera kulemba zonse zolowa ndi zotuluka. Kunena mwachidule, ndi ntchito yogwira mbale ya ndiwo kwa zaka zambiri uku ukudya nsima yosinkha. Atsibweni akadauzidwa zimenezi pa tsiku la maliro, mwina akadakumbukira kuti anawo ali ndi azakhali.

Tiwerenge ndalama, pakuti apa ndi pamene chikondi chimayesedwa. Lendi ya K200,000 pamwezi ndi K2,400,000 pachaka. Tinene kuti chakudya, zovala, sopo ndi za kusukulu za ana awiriwo zimadya K120,000 pamwezi, yomwe ndi K1,440,000 pachaka. Ndalama imeneyi atsibweni ali ndi ufulu woitenga, ndipo pasapezeke wowanyoza. Palibe lamulo loti wolera afe ndi njala pofuna kuonetsa kuti ndi woyera mtima. Tichotsenso K300,000 ya msonkho wa kukhonsolo, penti ndi mapaipi amene alendi amathyola. Patsala K660,000 chaka chilichonse. Pofika tsiku limene wamkulu akwanitsa zaka 18, payenera kukhala K2,640,000 yosungidwa. Pofika tsiku la wamng'ono, ngakhale lendi itaima osakwera kwa zaka 10, ndalama zonse zolowa zidzakhala zitakwana K24,000,000.

K660,000 yotsalayo ndiyo imasowa, ndipo simasowa mwa kuba kooneka. Imasowa mwa “kubwereka”. Feteleza wakwera, atsibweni abwerekako pang'ono, adzabweza akagulitsa fodya. Mwana wawo wobala akulowa sukulu ya pulaiveti, abwerekanso, poti onse ndi ana a m'nyumba imodzi. Kenako pakubwera chinkhoswe. Wobwereka ndi iwo, wobwereketsa ndi iwo, mboni ndi iwo omwe, ndipo sipadamvekepo kuti munthu wadzitumizira yekha wolonjerera ngongole.

Nkhani ya minibasi imadabwitsa anthu. Achibale akamva kuti wosunga chuma akufuna kuigulitsa amakuwa kuti wakuba, koma akaona ikuyenda mumsewu amati chuma cha malemu chikusamalidwa. Kawirikawiri zoona zake n'zotembenuka. Minibasi ndi chuma chokalamba msanga. Ndalama zake zimadutsa m'manja mwa dalaivala, kondakitala, woitanira ndi makaniko, popanda lisiti ngakhale limodzi, ndipo mwana wa zaka 8 podzafika zaka 18 adzaipeza itakhala pa miyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Wosunga wanzeru amapeza munthu wodziwa kuti anene mtengo wake molemba, amaigulitsa poyera kwa munthu amene si mlamu wake, ndipo ndalamazo amaziika m'dzina la ana. Nyumba ndiyo yofunika kuigwira ndi manja awiri. Ikamveka nkhani yoti igulitsidwe “kuti ana apeze fizi”, pamene lendi yake ikukwana kale fizi, funsani ngati khoti ladziwitsidwa, ndipo funsaninso dzina la wogula.

Pali wosunga wina amene amawononga chuma popanda kudya ngakhale tambala: munthu wokhulupirika wamantha. Iye amatenga K3,000,000 ija n'kuisiya mu akaunti yosabala chiwongoladzanja, kapena m'sutikesi pansi pa bedi, n'kumagona mwamtendere. Koma mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Munthuyu adzapereka kwa ana K3,000,000 yathunthu, misozi ya chimwemwe ili m'maso, koma ndalama imene inkagula puloti idzangokwanira matumba a simenti. Kusunga chuma kumafunanso kuchiika pamene chikubala mosaika pachiswe: akaunti ya nthawi yoikika, kubwereketsa boma kudzera ku banki, kapena kumanga kanyumba kena ka lendi pa puloti yomweyo. Kuchiika mu bizinesi ya kaunjika ya akazi a atsibweni si kumeneko.

Mungadziwe bwanji kuti manja achenjera mopitirira? Yang'anani mwana wamasiye ndi ana a atsibweni m'mawa wa Lolemba. Ngati mwini lendi akupita kusukulu ndi nsapato zong'ambika, asuweni ake atavala zatsopano, masamu alakwika penapake. Yang'anani kumene alendi amatumiza ndalama: ngati ndi pa nambala ya foni ya atsibweni, yomwenso amagulira mayunitsi ndi kubetcha mpira, ndiye kuti chuma chasakanizika kale. Kenako pemphani mwaulemu kuona kabuku ka ndalama. Munthu woongoka amakatulutsa, mwina modandaula. Winayo amayamba kulalikira. “Mukundiyesa wakuba ine? Ndani adagula bokosi? Inu mudali kuti?” Bokosilo, mukafufuza, adagula a kuntchito kwa malemu.

Mankhwala ake si kukuwa pa chiliza. Wachibale aliyense wokhudzidwa angapite ku ofesi yosamalira anthu ya pa boma, kwa Administrator General, kapena ku Legal Aid Bureau ngati alibe ndalama ya loya, ndipo khoti lili ndi mphamvu yolamula wosunga chuma kufotokoza ndalama zonse, kubweza zimene wadya, ngakhale kumuchotsa n'kuika wina. Koma chosavuta ndi kutseka mpata poyamba. Osunga akhale awiri, wina wa kuchimuna wina wa kuchikazi, ndipo banki isatulutse ndalama popanda onse kusayina. Ena amati zimenezi zimadanitsa mabanja. Ine ndimati azisankhidwa dala anthu awiri osagwirizana kwenikweni, pakuti palibe wowerengera ndalama wakhama kuposa mlamu amene amakukayikira. Kholo limene lili moyo lingakonze zonsezi pa pepala limodzi: kutchula wolera, kutchula osunga, kunena kuti nyumba isagulitsidwe ana asanakule, n'kusayina pamaso pa mboni ziwiri zimene nazonso zisayine.

Zaka zinayi si zambiri. Wamkulu uja akakwana zaka 18 ali ndi ufulu wolandira gawo lake ndi kuona mmene ndalama zidayendera, pamene gawo la mng'ono wake likhalabe m'manja mwa osunga. Adzagwada pakhomo monga mwana woleredwa bwino n'kunena kuti, “Atsibweni, ndimati ndione kabuku kaja ka lendi.” Iwo adzatsokomola, n'kufotokoza kuti kabukuko kadadyedwa ndi chiswe chaka cha mvula yambiri. Mwanayo asatsutse akulu. Angopempha kuti mawa apitire limodzi kubanki kukatenga sitetimenti, ndipo podutsa ku Area 25 apemphe alendi malisiti awo a zaka zinayi.