Kalata ya a Headi ndi mjigo wa pa puloti yathu

Pa puloti yathu, kuseri kwa msika wa Lunzu, pali makomo 12 ndi mjigo umodzi. Mjigowo unafa Lachiwiri m'mawa. Anaupha ndani? Mukafunsa khomo loyamba akuti ndi ana a khomo lachisanu ndi chiwiri amene amachita katungwe pa handulo. Mukafunsa lachisanu ndi chiwiri akuti ndi mayi a thobwa amene amajiga ngati akusinja chimanga cha pa ukwati. Mukafunsa mayi a thobwa akuti pali anthu ena osafuna anzawo atukuke, ndipo sanena zambiri chifukwa ndi opemphera.

Amene anaugwira komaliza ndine. Ndinangomva handulo yapepuka ngati thumba la munthu wa pa ganyu pakati pa mwezi. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kunyamula chigubu changa chopanda kanthu, ndikuyenda mopendekeka kuti oona aziti n'chodzadza.

*

Lachisanu kunayenda kalata. Anailemba ndi a Headi, mphunzitsi wopuma wa khomo lachinayi, papepala long'amba pakati pa kope, mizere yofiira ili m'munsi mwa mawu ofunika.

"Okondedwa anzanga okhala nawo, ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino kupatula kuti sindinasambe mokwanira chiyambire Lachiwiri, ndipo polonjerana nanu ndazindikira kuti si ine ndekha. Mekaniki wa m'dera lathu wauona mjigo. Akuti pakufunika K108,000: malabala, bobini ndi mabushi K38,000, paipi, masoketi ndi guluu K35,000, ntchito yake K25,000, thiransipoti yokagula zipangizo ku Blantyre K10,000. Tikagawa pa makomo 12, khomo lililonse ndi K9,000. Mutu umodzi susenza denga. Wowerenga asainire kumbuyo. Ndine wanu mu ludzu, wa khomo lachinayi."

Kalata inabwerera kwa mwini wake madzulo. Kumbuyo kunalibe siginecha ngakhale imodzi, koma wina anali atalembako ndi pensulo kuti: "Thiransipoti K10,000, akupita pa ndege?"

*

Oyamba kukadandaula anali achimwene a khomo lachitatu, mbeta yamphongo yokhala yokha ndi wailesi.

"A Headi, ine ndili ndekha. Bambo a Chisomo ali anthu 9 m'nyumba mwawo. Tipereke chimodzimodzi? Ndiponso ine ndimasamba ku ntchito."

"Mumagwira kuti ntchito, achimwene?"

"Ku chigayo."

A Headi anawayang'ana kuyambira ku nsidze zoyera mpaka ku akakolo, n'kungoti: "Zikuoneka."

Komabe mfundo inali yomveka. A Headi anatenga kaundula wawo: pa puloti tilipo anthu 54, ndiye K108,000 ikugwa pa K2,000 mutu uliwonse. Achimwene a ku chigayo atsike kuchoka pa K9,000 kufika pa K2,000, bambo a Chisomo akwere kufika pa K18,000. Anati Lamulungu masana ayenda khomo ndi khomo kutsimikiza mayina.

Lamulungu masana pa puloti panapezeka anthu 31. Mliri sunagwe, maliro sitinamve. Kungoti ana atatu a khomo lachisanu ndi chiwiri anasanduka "a mchemwali wanga, angobwera kudzacheza", ngakhale wamkuluyo anabadwira pomwepo ndipo a Headi ndi amene anamuphunzitsa a e i o u. Agogo a khomo lachisanu ndi chinayi akuti sawerengedwa chifukwa amamwa tiyi yekha. Bambo a Chisomo anatulutsa ana anayi okha. Pansi pa bedi panamveka kuyetsemula.

"Ndi mphaka," anatero.

"Mphaka wanuyo muuze kuti mawa kuli mayeso a masamu," anayankha a Headi.

*

Tinapita kwa a landilodi, atatu, titavala malaya a ku tchalitchi. Anatimvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu mwachifundo.

"Pepani kwambiri ana anga. Koma ine ndimachititsa lendi nyumba. Madzi ndi a Mulungu."

Chaka chatha, pokweza lendi, anatiuza kuti puloti ino ndi yodula chifukwa ili ndi mjigo.

*

Mekaniki uja anabweranso kudzamva ngati ndalama yakwana. Ndi bambo wa njinga yakapalasa, sipanala imodzi m'chikwama cha mpunga, ndipo salankhula mofulumira. Titamuzungulira kuti agamule mlandu wa amene anaupha, anakhala pa simenti ya mjigo n'kuyamba kutifunsa ngati dokotala.

"M'mawa woyamba kutunga amajiga kangati madzi asanatuluke?"

Mayi a thobwa, amene amadzuka tambala asanaganize zolira, anati kale ankajiga kawiri katatu basi, koma chiyambire nthawi yokolola ankajiga mwina ka 30.

"Umenewo unali uthenga woyamba," anatero. Pansi penipeni pa paipi pali valavu imene imagwira madzi kuti asabwerere m'nthaka. Ikakhala bwino, paipi imagona yodzadza usiku wonse, ndipo m'mawa madzi amatuluka nthawi yomweyo. Kabobini kake kakatha, kapena kalabala kozungulira kakaphwa, kapena paipi ikabooka, madzi amatsika usiku, ndiye m'mawa mumayamba mwadzaza paipi musanadzaze ndowa.

"Nanga chigubu cha malita 20 chimadzadza mutajiga kangati?"

Palibe ankawerenga, kupatula mwana wa sitandade 6 amene amatumidwa kwambiri. Anati ka 95.

"Uthenga wachiwiri." Mjigo wa Afridev ngati wathuwu, anatero, ukamajiga mokweza handulo mpaka pamwamba ndi kutsitsa mpaka pansi, umatulutsa madzi ochepera pang'ono theka la lita ulendo uliwonse, ndiye chigubu chizidzadza pa maulendo pafupifupi 50. Chikafuna 95 ndiye kuti labala wa pulanja, amene amakokolola madzi m'silinda, watha ndipo madzi akumuzemba m'mbali.

Kenaka anagwira handulo n'kuigwedeza cham'mbali. Inavina ngati dzino la mwana wa zaka 6. Amenewo ndi mabushi, timapulasitiki timene handulo imazungulirapo. Phokoso lija tinkati mjigo ukuimba, unali kulira.

"Kukanakhala kuti munandiitana pamenepo," anatero, "ikanakhala ntchito ya ola limodzi." Mjigo umenewu anaupanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kuukonza okha, ndipo mbiri yake inayambira kuno ku Malawi, cha m'ma 1980. Sipanala imodzi imatsegula mutu. Marodi ndi okolekana, osati omanga ndi mabawuti, ndiye mumangosolola imodzi imodzi mpaka pulanja itatuluka, n'kuvuula valavu ya pansi ija, paipi osaikhudza n'komwe. Labala ndi mabushi amafuna kusintha mwina kamodzi pa chaka, msanga ngati otunga ndi ambiri. Ife tinali tisanatsegulepo chiyambire pamene khomo lachiwiri munali anthu ena.

Ndiye rodi iliyonse ili ndi kalabala kake koiimika pakati pa paipi kuti chitsulo chisakhudze pulasitiki. Timalabala timeneto titatha, rodi inayamba kupala paipi, kukwera n'kutsika, tsiku ndi tsiku, mpaka kuiboola, ndipo pomalizira pake ngowe ya rodi ina inathyoka. Kupepuka kwa handulo kuja kunali kumeneko.

"Ndiye anaupha ndani?" anafunsabe mayi a khomo loyamba.

"Amene anaugwira komaliza alibe mlandu," anatero mekaniki.

Ndinamugulira Fanta. Anthu anadabwa ndi mtima wanga wabwino.

*

Tikukangana chotero, madzi tinkagula kwa anyamata a kabaza pa K500 chigubu. Bambo a Chisomo amafuna zigubu 6 patsiku, ndiye K9,000 imene ankati alibe inkatha masiku atatu alionse. Mkanganowo unatenga milungu itatu. A Headi anawerengera pa bolodi la ana kuti bambowa okha anapereka K63,000 kwa a kabaza. Bambo a Chisomo anati masamu amenewo ndi amwano.

Anathetsa nkhani ndi mayi a thobwa, amene bizinesi yawo inali itaima.

"Theka tigawe pa makomo, poti mjigo ndi wa puloti yonse. Theka pa mitu, poti pakamwa m'posiyana. Ndipo mitu awerenge ndine, chifukwa ndimadziwa ana onse amene amandipempha kotsalira m'chidebe."

Anthu anabwerera pa 54. Khomo lililonse K4,500, mutu uliwonse K1,000. Achimwene a ku chigayo K5,500, bambo a Chisomo K13,500, mphaka uja atalowa m'kaundula ndi dzina lake la ubatizo.

Panatsala funso la msungichuma. Aliyense amene anatchulidwa, wina ankatsokomola. Tinagwirizana kuti ndalama zikhale pa foni ya a Headi, nambala yachinsinsi adziwe mayi a thobwa. Khomo lachisanu linati latumiza kale, "mwina netiweki". Netiweki imeneyo inafika patatha masiku anayi, itasanduka nkhuku.

*

Tsiku lokonza, mekaniki anati akufuna anthu osachepera 8 ndi mitengo ya mphanda. Mapaipi a mjigo umenewu ndi omatana ndi guluu, samasuka, ndiye kuti upeze pobooka uyenera kusolola mpaipi wonse wathunthu. Wathu unali wa mamita pafupifupi 30. Umatuluka m'dzenje n'kumapindika m'mwamba ngati nsungwi, anthu akuuchirikiza ndi mphanda kuti usathyoke, n'kumayenda nawo kutali.

Amuna a pa puloti amene dzulo lake anali ndi maganizo ambiri pa nkhani ya mjigo anapezeka kuti misana yawavuta. Anagwira mphanda ndi amayi, ana a sukulu, ine, ndi a landilodi, amene anangobwera kudzaona koma mpaipi unawapeza ali panjira yake. Nsonga inadutsa pa chingwe choyanikira zovala n'kukalowa pa windo la khomo lachisanu ndi chitatu, kumene tinamva mawu a bambo amene akazi awo anatiuza kuti ali ku Joni.

Pobooka panali pa paipi yachisanu ndi chiwiri, kachibowo kosalowa ngakhale chala. Mekaniki anadula, n'kulumikiza chidutswa chatsopano ndi masoketi awiri, n'kutiuza kuti guluu aume kaye, wina asayerekeze kujiga mpaka mawa. A Headi anagona pampando pafupi ndi mjigo, ndodo ili pamiyendo.

M'mawa mwake mwana wa sitandade 6 uja anawerenga mokweza: chigubu chinadzadza pa 48. Anthu anaomba m'manja. A Headi anatulutsa kalata yachiwiri, yoti khomo lililonse lizisonkha K500 pamwezi ya malabala, ndipo manja anasiya kuomba pakati pa chiganizo.

Woyamba pa mzere anali achimwene a khomo lachitatu, ndi zigubu zitatu, ndowa, beseni ndi sopo watsopano.

"Achimwene, si paja mumasamba ku ntchito?" anafunsa mayi a thobwa.

"Ndili pa holide, mayi."