Ulemu upite kwa "Timagulitsa Chilichonse"

Angonia wabala zambiri, kachewere, chimanga, nyemba ndi kabichi, koma palibe chopatsa mtendere ngati mawu awiri amene msuweni wanga wa ku Domwe anaika pamutu pa tsamba lake la malonda pa Facebook: "Timagulitsa chilichonse." Chiwalembereni, foni yake siinalirepo. Batire limatha masiku atatu.

Taonani nzeru zake. Wamalonda wa ku Tete akafuna kudzaza lole, amalemba pofufuzira dzina la chimene akufuna, "batata" kapena "kachewere", mwina n'kuwonjezera "Angónia". Mutu wa msuweni ulibe mbewu, ulibe dera, ulibe nambala. Wogula amangoulambalala ngati mlendo wodutsa pamanda, ndipo mwini wake amagona tulo tabwino.

Nanga mawu ofotokoza ali m'munsiwo! Amayamba ndi moni kwa abale ndi alongo, kenako kuthokoza Mulungu, kenako mbiri ya agogo amene anatsegula dimba. Foni imangoonetsa mizere yochepa yoyambirira, yotsalayo n'kuibisa kuseri kwa "Ver mais". Choncho kachewere, amene amatchulidwa pamzere wa khumi, ndi wotetezeka kuposa ndalama ya pansi pa mphasa. Wolimba mtima akadina n'kufika kumapeto, amalandiridwa ndi mawu aulemu akuti "mtengo tikambirana kumbali". Amenewo ndi mpanda wachiwiri.

Mverani chisoni mayi oyandikana naye, amene sanalandire mphatso imeneyi. Iwo analemba mutu wosasunga chinsinsi: "Kachewere wa ku Domwe, matumba 40, tikweza pa Ulongwe Lachinayi." Mzere woyamba ananena mtengo wa thumba limodzi mu metikali. Wachiwiri anaulula kuti wamkulu wasankhidwa payekha, wamng'ono payekha, ndiponso tsiku limene anakumbidwa. Wachitatu anati ndalama alandira pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo anyamata okweza awalipira okha. Ngati kuti sizinakwane, anabwereza zonsezo m'Chipwitikizi, n'kuika chithunzi cha thumba lotsegula pakamwa, m'malo mwa nkhope yawo atavala zopita ku ukwati.

Zotsatira zake n'zomvetsa chisoni. Nsima inkawazizirira m'manja poyankha anthu. Wina anaimba tambala asanalire. Matumba atatha anaiwala kusintha mutuwo, ndiye sabata yonse anakhalira kupepesa anthu ofuna kachewere amene anali atakazingidwa kale ku Tete. Mutu wotchula nambala ndi tsiku uli ngati mbuzi, umafuna kuuyang'ana m'mawa uliwonse. Wa msuweni sukalamba. Unali woona chaka chatha, ukhalabe woona ngakhale nkhokwe itapsa.

Ndinamuyendera dzulo. Ali bwino, wanenepa, sadandaula za phokoso. Matumba ake ali phee pakona ya chipinda, ndipo kachewere watulutsa mphukira zotalika ngati chala. Akuti tsopano ndi mbewu, ndipo mutu wa tsamba sakufunika kuusintha.