Malungo alibe chidindo

Ife a kuno ku Ligowe timadwala mwa dongosolo lathulathu, ndipo pa dongosololi ine ndine mkulu wa mpingo. Tsiku loyamba timati ndi kutopa chabe. Lachiwiri timagula Panado pa golosale. Lachitatu timawiritsa masamba a nimu n'kufukiza titafunda bulangete, uku tikuuza aliyense wodutsa kuti thukuta likangotuluka basi tachira. Kuchipatala timapita tsiku lachinayi, titanyamulidwa, tikukanabe kuti si kanthu. Dongosololi latisunga zaka zambiri, kupatula amene silinawasunge, koma likakumana ndi mayeso limatigwetsa chagada. Mayeso safuna kumva kuti munthu anadwala. Amafuna pepala lonena kuti anadwala liti, ndipo pepalalo limatengedwa matenda ali m'thupi, osati atapita.

Tiyerekeze mwana wa Fomu 4 amene ali ndi pepala la Chingerezi Lachiwiri m'mawa. Lamulungu madzulo thupi layamba kutentha, Lolemba akusanza. Akapita ku chipatala chathu chaching'ono cha Ligowe Lolemba lomwelo, amubaya chala, kadontho ka magazi kapita pa kachida koyezera malungo, ndipo pasanathe theka la ola zotsatira zatuluka. Adokotala alemba m'kabuku ka kuchipatala deti, kutentha kwa thupi, zimene apeza ndi mankhwala a LA, omwa kawiri patsiku kwa masiku atatu. Matenda akakula amutumiza ku chipatala chachikulu ku boma la Neno, kumene deti logonekedwa ndi lotulutsidwa zimalembedwanso. Umenewo ndiwo umboni. Tsopano tiyerekeze mwana yemweyo ali m'manja mwa bambo ngati ine. Afukiza nimu mpaka Lachisanu, achira, ndipo sabata yotsatira tipita kukapempha kalata yonena kuti Lachiwiri lapitalo anali gone. Adokotala ayang'ana mnyamata wonenepa bwino amene wangomaliza kumene chinangwa chophika panja pa geti. Alembe chiyani? Sangachitire umboni matenda amene sanawaone. Mwina tinganene kuti amuyeze magazi. Koma kachida kaja kamatha kuonetsabe malungo kwa masabata angapo munthu atachira, choncho kakhoza kuvomereza kuti malungo anadutsa, koma sikanganene kuti Lachiwiri 8 koloko anali atamugwetsa kale kapena anali akusewera bawo.

Apa m'pofunika kusiyanitsa mayeso awiri, a MANEB ndi a ku yunivesite, amene ife timawaphatikiza ngati nyemba ndi nandolo. A MANEB, kaya ndi a Sitandade 8, a JCE kapena a MSCE, amalembedwa dziko lonse tsiku limodzi, ola limodzi. Envulopu ikang'ambidwa, mafunso amenewo atha ntchito, chifukwa pofika madzulo ngakhale wogulitsa manachesi pamsika akuwadziwa. Tonse tikukumbuka 2020, pamene mapepala a MSCE anabedwa, mayeso onse n'kuthetsedwa, ana n'kukalembanso mu Januwale 2021. Bungwe limene linaotcha chala chotero silingasungire mwana mmodzi pepala loti adzalembe akapeza bwino, ndipo kholo loyembekezera kuti ku Zomba akhala pansi kupekera mwana wake yekha mafunso atsopano likuyembekezera mvula ya mu Julaye. Choncho nthawi yolankhula ndi pepala lisanayambe. Auzidwe ahedi, auzidwe woyang'anira mayeso pa sentapo, kabuku kali m'manja. Ana ena alemberapo mayeso ali pa bedi la chipatala, wowayang'anira ali pambali, koma zimenezo zimakonzedwa anthu akadziwa nthawi ilipo. Ndipo Chingerezi si phunziro loti n'kulidumpha, pakuti popanda kuchikhoza satifiketi ya MSCE situluka, ngakhale mwana atawala bwanji pa Masamu ndi Zaulimi. Malungo a masiku atatu adya chaka chathunthu, ndi fizi yolembetsera kachiwiri pamwamba pake.

Ku yunivesite khomo lilipo, koma lili ndi mlonda. Kaya ndi ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu kapena ku Thyolo, wophunzira amene waphonya mayeso chifukwa cha matenda amalemba kalata yopempha kudzalemba nthawi ina, n'kuphatikizapo lipoti la adokotala. Akamulola, amalemba ngati woyamba kumene, malikisi ake onse n'kuwerengedwa. Izi n'zosiyana ndi sapu, mayeso obwereza a amene analephera, omwe kawirikawiri ngakhale ukhoze motani amangokulembera kuti wadutsa. Amene wangosowa osanena kanthu amamuwerengera kuti walephera. Masiku operekera umboniwo amalembedwa m'buku la malamulo a ophunzira, lija mwana amapatsidwa chaka choyamba n'kuikira poto wotentha, ndipo koleji iliyonse ili ndi chiwerengero chake. Kalata yabwino imanena dzina la phunziro, deti la mayeso, tsiku limene wodwala anaonedwa ndi kuti sakanatha kulemba, ndipo imakhala ndi siginecha ndi chidindo. Popereka musiye kope ina m'thumba, chifukwa mapepala a m'maofesi nawonso amadwala n'kusowa.

Alipo amene anganene kuti lamuloli analemba ndi anthu okhala pafupi ndi tala, ndipo sindingawatsutse msanga. Neno ndi wa mapiri. Mvula ikagwa misewu yathu imasanduka phala, njinga yamoto ya kabaza imakweza mtengo ikangoona munthu akunjenjemera, ndipo wodwala weniweni ndi amene alibe mphamvu zoyendera mapepala. N'zoona. Koma chigoli chimenechi ndi cha mbali yanga. Wodwala ngati sangayende, nkhani yake ikhoza kuyenda. Foni imene timaimbira achibale a ku Joni kupempha ya feteleza ingathenso kuimbira ahedi kapena ofesi ya koleji m'mawa womwewo, pepala n'kutsatira pambuyo ndi mlongo wake. Komanso chiyambire 2007, pamene Abwenzi Pa Za Umoyo anayamba kugwira ntchito ndi boma muno m'Neno, azaumoyo a m'midzi amafika mpaka pakhomo. Sangalembe lipoti la adokotala, koma angathandize wodwala kufika kwa amene angalembe. Ambiri a ife chimatichedwetsa si phiri ayi, ndi nimu uja.

Ena amati n'kunyoza munthu kumufunsa chidindo ngati kuti ndi wabodza. Apa ndiye ndiyenera kuyankhula motsitsa mawu, chifukwa ndimaudziwa mtundu wanga. Kukanakhala kuti umboni umalandiridwa tsiku lililonse, matenda athu akanamayamba mwana akangomva kwa anzake kuti pepala linali lowawa, ndipo akanamakula kwambiri tsiku lotuluka zotsatira. Mutu ndi m'mimba zikanagwira kalasi yonse pa Fizikisi, n'kuisiya yathanzi pa Chichewa. Malire a masiku amateteza mwana amene anadwaladi kuti asaikidwe m'thumba limodzi ndi ife odwala mochita kukonzekera. Ndipo amatetezanso adokotala, amene ali ndi mzere wa amayi ndi makanda panja, kuti tisamawasandutse alembi a mbiri yakale.

Chotsala ndi kabuku kaja, kamene anthu a mtundu wanga timakasunga mosamala kwambiri moti sitikapezanso. Kamakhala kutsindwi kumene chiswe chimayamba kudya tsamba la deti, kapena pansi pa mphasa, kapena kanabwerekedwa ndi msuweni amene kake kanatha masamba, moti mnyamata wa Fomu 4 akakatsegula pamaso pa ahedi, kakunena kuti mwezi wathawu anali ku sikelo ya amayi oyembekezera.