Kanthu Kamene Ndinapempha

Ife amene tinaphunzira kulemba makalata pamapazi a aphunzitsi a mishoni tili ndi nthenda ya ulemu, yakuti tikalakwiridwa timalira masamba atatu athunthu, koma pofika pamene tiyenera kutchula chimene tikufuna, timapinda mawondo ndi kulemba kuti, "Ndikhulupirira kuti muchitapo kanthu."

Njinga yanga yakapalasa, imene ndinagula pa K250,000 m'sitolo ina ya m'tauni, inathyoka felemu pamalo owotcherera sabata isanathe, ndipo inanditula m'fumbi pamaso pa apongozi anga aakazi, amene mwaulemu wawo anayang'ana kumbali. Kalata imene ndinalembera eni sitolo inali yokoma kotero kuti ndinaiwerengera anansi ndisanaitumize. Eni sitolowo kanthu anachitapodi: anandipepesa, nanditumizira kalendala.

Mayi a kunyumba, amene sataya mawu, anandikumbutsa za Bartimeyu wakhungu wa ku Yeriko uja, amene ngakhale khungu lake linali loonekera kwa onse, anafunsidwabe chimene ankafuna, nachitchula mosazungulira. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo," anatero. "Kalaliki sangakuganizireni."

Pakuti kalaliki wolandira makalata alibe mphamvu yoyeza chisoni cha munthu. Chimene angapereke kwa bwana wake kuti asainire ndicho chinthu chokhala ndi dzina, mtengo ndi tsiku. Zotheka kupempha zinali zitatu, kubwezeredwa ndalama, kupatsidwa njinga ina, kapena kukonzeredwa yomweyo, ndipo ndikanazitchula zonse pamodzi, iwo akanasankha yotchipa, ndiyo kundiwotcherera felemu ija kuti ikandigwetsenso pamtsetse. Tsono ndinasankha chimodzi, ndime yotsiriza ya kalata yanga yachiwiri niikhala yotere:

"Ndikupempha kuti mundibwezere K250,000 yonse, monga ikuonekera pa lisiti limene chithunzi chake ndaphatika pano, pasanathe masiku 14 kuchokera pa tsiku la kalata ino. Njingayo ndidzabwera nayo ndekha podzalandira ndalamazo. Masikuwo akadzatha popanda yankho, dandauloli ndidzalitula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission."

Onani kuti lisiti lenileni linatsala m'sutikesi, popeza mboni siiperekedwa kwa woimbidwa mlandu kuti aisunge. Onaninso kuti sindinalembe "msanga", chifukwa msanga wa mwini sitolo umatha kufika nyengo yokolola, ndiponso sindinaopseze ndi maloya amene ndilibe ndalama yowalipira, pakuti chiopsezo chimene sungachikwaniritse chimamveka fungo ngakhale envulopu isanatsegulidwe.

Panali mzere umodzi umene ndinaumenyera nkhondo, wopempha K50,000 ya manyazi amene ndinachita pamaso pa apongozi. Mayi a kunyumba anaufufuta, nati kupempha chopitirira chimene unataya kumapatsa wolakwa chifukwa chokanira zonse, ndi kuti ngati manyazi anga pamaso pa mayi awo ali ndi mtengo, ndiye kuti ngongole yake inayamba kalekale njinga isanagulidwe.