Alamu Achuluka, Munda Ndi Womwewo

Makolo anati mutu umodzi susenza denga, koma anatibisa chiwerengero cha mitu imene ikufunika. Denga la nkhokwe amuna asanu ndi mmodzi amalinyamula bwinobwino. Wa nambala 15 amangotsatira m'mbuyo akukuwa kuti “kumanzere, kumanzere!” kenako nkukhala woyamba kusamba m'manja nsima ikabwera.

Ine ndine mkamwini, ndipo apongozi anandilozera ndime ya theka la ekala. Ndinaiyeza ndi chingwe ngati munthu wa kuboma: mamita 45 uku, 45 uko. Potsatira malangizo a alangizi, mizere imatalikirana masentimita 75, ndiye imakwana 60. Mapando amatalikirana masentimita 25, mbewu imodzi paphando, kutanthauza mapesi 180 pamzere, 10,800 munda wonse. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa pakhomo panga sisintha. Feteleza nayenso ndi yemweyo chaka ndi chaka, wa thumba logawana ndi aneba.

Chaka chimene mayi a kunyumba anali ndi mwana wakhanda ndinalima ndekha. Ndekha, ine, munthu amene khasu limandiona ngati mlendo. Pofika mzere womaliza kupalira, woyamba unali utasanduka dambo, feteleza wachiwiri ndinathira chimanga chitayamba kale kuchita chikasu. Ndinakolola matumba anayi a makilogalamu 50, apongozi nkundifunsa ngati kwathu amalima kapena amangoweta nkhuku.

Chaka chotsatira mayi analowa m'munda, matumba anakwana asanu ndi awiri. Munthu mmodzi anawonjezera atatu athunthu, ndipo chifukwa chake sichovuta. Udzu umapweteka chimanga kwambiri m'masabata oyambirira chikamera, pamene zikulimbirana chakudya ndi dzuwa. Manja awiri owonjezera anatithandiza kupalira nthawi yake, kuthira feteleza nthawi yake, kubandira nthawi yake. Mayiwo amanena kuti anawonjezera asanu ndi awiri onsewo, anayi anga aja anali a mvula. Nkhaniyi ikadali kubwalo.

Apa mpamene mutu wanga wa masamu a sitandade 8 unadzuka. Ngati munthu mmodzi ndi matumba atatu, anthu khumi ndi matumba 30, njinga yamoto, malata. Ndinaitana mlamu wamkulu. Tinakolola asanu ndi atatu ndi theka, ndiye kuti iye anabweretsa thumba limodzi ndi theka. Ndinati mwina ndi waulesi, ndinaitana mng'ono wake, mnyamata wa mapewa ngati ng'ombe yapangolo. Matumba asanu ndi anayi. Chimphona chonsecho, theka la thumba.

Mnyamatayu sanali waulesi ayi, amalima kuposa tonse. Vuto linali loti ntchito yobereka chimanga inali itatha kale. Udzu ukachoka pa nthawi yake, kuuchotsanso kachiwiri sikuwonjezera chisononkho. Phesi silifunsa kuti landipalira ndani, limabereka monga mwa feteleza, mvula ndi malo amene lapatsidwa, ndipo mapesi anali 10,800 omwe aja.

Mwana wanga wa ku sekondale, amene fizi yake imandiwondetsa, anandiuza kuti zimenezi zili m'mabuku. Akuti Mfalansa wina, Turgot, anazilemba cha m'ma 1767, ndipo David Ricardo wa ku Mangalande anazifotokozanso mu 1815 pokamba za minda ya tirigu: ukamawonjezera antchito pamalo osakula, zokolola zimakwerabe, koma gawo la aliyense wobwera pambuyo limanka licheperachepera. Ndinamufunsa chifukwa chake sananene msanga. Anati ndinali ndisanamalize kulipira teremu imene anaphunzira zimenezo.

Chimene chimapusitsa nchakuti nkhokwe imaoneka ikukwera. Asanu ndi anayi amaposa asanu ndi atatu ndi theka, ndani angatsutse? Koma funso loyenera nlakuti wobwera kumeneyu wawonjezera zingati, nanga wadya zingati. Mlamu wamng'ono anawonjezera makilogalamu 25, ndipo pakhomo panga anakhala kuchokera Novembala mpaka Meyi akudya mitanda inayi pa nkhomaliro. Theka la thumba lake analimaliza Khirisimasi isanafike.

Chaka chathachi kunabweranso asuweni awiri, akuti amva kuti kuno kuli ntchito. Makasu tili nawo anayi, choncho awiri amadikira pansi pa mtengo wa mango kuti wina atope. Akalowa m'munda amapondana zidendene, kudula mizu, kuthyola mapesi pokangana za mpira. Mu Malichi chimanga chachiwisi chinayamba kusowa, utsi ukufuka kuseri kwa chulu. Tinakolola matumba asanu ndi atatu. Mwana wanga akuti pamenepo ndapitirira ndi Ricardo yemwe.

Tsono abale anga, amene muli ndi maekala atatu koma manja akukuchepera, ndili ndi anyamata atatu amphamvu, odziwa ntchito, ndikubweretserani ndekha pa kabaza. Ufa mukhale mutagayitsiratu.