Galimoto ya abwana inandilowetsa m'ngongole ya msonkho

Ndimasunga mabuku a ndalama pa kampani ina yogula soya ndi mtedza pa Mitundu, ndipo tili ndi depoti ina ku Nathenje. Bwana woyang'anira madepoti awiriwa anapatsidwa galimoto ya kampani. Amaweruka nayo, imagona kwawo, Lamulungu amapita nayo kutchalitchi. Galimoto yotere bungwe la MRA siliiona ngati chida cha ntchito chabe. Limaiwerenga ngati phindu limene wantchito akulandira pamwamba pa malipiro, ndipo pamakhala msonkho wake. Ikanakhala yogona pa ofesi, yoyendera aliyense pa ntchito, nkhani ikanakhala ina.

Zimenezi ndinkazidziwa. Pamene ndinaphonya ndi pa mtengo. Galimotoyo inagulidwa K20,000,000, koma msewu wafumbi unali utaitheratu, ndipo m'mabuku mwanga inali itatsika kufika pa K8,000,000. Ndinaona kuti n'chilungamo kuwerengera pa mtengo wotsikawo. Ndinatenga 15 peresenti yake, K1,200,000, n'kuchotsapo msonkho wa 30 peresenti: K360,000 pachaka, kapena K90,000 pa miyezi itatu iliyonse.

Lamulo silitero ayi. Limafuna 15 peresenti ya mtengo umene galimoto inagulidwira, kaya yakalamba, kaya ikulira mabawuti. Apa ndiye kuti phindu la abwana linali K3,000,000 pachaka, msonkho wake K900,000, kutanthauza K225,000 pa miyezi itatu. Ulendo uliwonse ndinkapereka ndalama yoperewera ndi K135,000, ine mtima uli m'malo.

Choipa kwambiri, chimene chimandiwawabe, n'chakuti ndalamayo ndinkaidula pa malipiro a abwanawo pamodzi ndi PAYE. Msonkho umenewu amalipira ndi olemba ntchito, osati wantchito, ndipo uyenera kufika ku MRA pasanathe masiku 14 miyezi itatu ija ikatha. Munthu wa ana asukulu ankapita kwawo ndi malipiro operewera chifukwa cha ine, osadandaula, poganiza kuti boma ndi limene lalamula.

Anazitulukira ndi mayi wina wofufuza mabuku amene anabwera kumapeto kwa chaka. Sanayang'ane n'komwe mawerengedwe anga. Anangoti, "Achimwene, tandipatsani lisiti yogulira galimotoyi." Atailinganiza ndi fomu ya msonkho, anafunsanso za nyumba imene kampani imawachitira lendi abwanawo ku Nathenje. Imeneyo sindinailembe paliponse, poti ndalama ya lendi inkapita kwa mwini nyumba osadzera m'manja mwawo. Komatu nayonso ndi phindu lokhomeredwa msonkho.

Kampani inalipira zotsalira zonse ndi chindapusa pamwamba, m'nyengo imene tinkasaka ndalama yogulira soya. Abwanawo kampani inawabwezera zimene ndinawadula. Ndinakawapepesa ndekha ku depoti, ndipo anangondifunsa ngati malipiro a mwezi wamawa adzakhale athunthu.