Mnyamata Wofuna Ntchito ndi Mbiri Yake ya pa LinkedIn

Mu mzinda wa Limbe muli mnyamata wina, katswiri ndithu pa kuwerengetsa ndalama, amene amadandaula usana ndi usiku kuti olemba ntchito amamulambalala chifukwa alibe malume m'maofesi, osadziwa kuti chomwe chamutsekera khomo ndi mbiri imene adadzilembera yekha pa LinkedIn.

Tiyambe ndi chithunzi, chimene adachidula pa chithunzi cha pachinkhoswe cha msuweni wake, kotero kuti paphewa pake padatsalira dzanja la munthu wosaoneka, ndipo m'munsimu mukusuzumira khosi la botolo lomwe si la fanta ayi. Mankhwala ake ngapafupi: avale malaya ochapa, aime kutsogolo kwa khoma loyera, kuwala kukumuomba kumaso, mnzake amujambule kuyambira m'mapewa kulekeza kumutu.

Pansi pa dzina lake, pamzere wotchedwa Headline, adalemba monyadira kuti "Hustler | Blessed | CEO", chikhalirecho kampani yakeyo ndi nkhuku zisanu za kuseri kwa nyumba. Tsono wolemba ntchito sawerenga mbiri mofatsa ngati kalata ya chibwenzi; iye amangolemba dzina la ntchito m'bokosi lofufuzira, monga "Accounts Assistant", nawonjezera "Sage" kapena "Blantyre", ndipo amene amatulukira kawirikawiri ndi omwe mawu amenewa ali m'mbiri zawo. Madalitso ngabwino, indetu, koma bwana wosowa kalaliki wa ndalama safufuza mawu oti "Blessed". Mnyamatayu alembe chabe "Accounts Assistant | Sage, Excel | Blantyre", potsata mawu enieni amene ali m'chidziwitso cha ntchito yomwe akuifuna.

Pofika pa ntchito zimene adagwirapo, pomwe padayenera kumveka ng'oma, iye adachita manyazi nangoti ankagwira ntchito zosiyanasiyana za muofesi, osatchula chaka chimene adayamba ngakhale chimene adasiya, moti wowerenga sangathe kudziwa ngati ankasunga mabuku a ndalama kapena ankatumidwa mandasi, ngati adakhalako zaka zitatu kapena adachotsedwa pa Lachisanu loyamba. Akulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Anene poyera kuti kuyambira Malichi 2021 kufikira Juni 2024 ankakonza malipiro a antchito 40, ankayerekeza mabuku ndi sitetimenti ya kubanki mwezi ndi mwezi, ndiponso ankapereka msonkho wa PAYE ku MRA lisanadutse tsiku la 14 la mwezi wotsatira, pakuti chiwerengero chimachitira munthu umboni koposa mawu oti ndine wolimbikira.

Atakonza zonsezi, ayang'anenso nambala ya foni imene ili pa Contact info, chifukwa yomwe ilipo lero ndi ija adaitaya chaka chatha pothawa mwini katapila, ndipo bwana akaimba kawiri osamupeza amaimbira wotsatira.